Kalata yopita kwa otithandiza: mjigo umodzi watheka, wachiwiri ndi dzenje louma, wachitatu sitinayambe

Amai Tembo, Chipangali

Moni nonse a pagulu lino. Ndine mlembi wa komiti ya madzi ya midzi itatu kuno ku Chipangali, ndipo ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Chaka chatha gulu lina la mpingo la kunja linavomera kutipatsa K300,000 yokumbira mijigo itatu, mudzi uliwonse umodzi. Anatumiza gawo loyamba la K180,000, ndipo K120,000 yotsalayo anati adzatumiza akalandira lipoti la mmene gawo loyambalo layendera. Lipotilo linayenera kupita pa 31 Januwale, koma lero tili mu Malichi ndipo sindinatumize kanthu.

Mjigo woyamba tinakumba mu Okutobala, madzi anapezeka, ndipo anthu akumwa mpaka pano. M'mudzi wachiwiri makina anaboola mu Novembala mpaka mamita 65 osapeza madzi. Ine ndinalipo tsiku limenelo. Amayi anali atandanda zidebe kuyambira m'mawa, koma chimene chinatuluka m'dzenjemo ndi fumbi loyera la mwala lokhalokha, mpaka zidebe zija zinayera ngati zathiridwa ufa, ndipo dzuwa litapendeka aliyense anatola chake n'kubwerera kudambo. Kampani inatilipiritsa K45,000 pa dzenje loumalo, chifukwa mgwirizano umene tinasaina unali wolipira mita iliyonse yoboola, kaya madzi apezeke kaya asapezeke. M'mudzi wachitatu sitinayambe n'komwe, popeza mvula itayamba lole ya makina sikanatha kuwoloka dambo.

Sabata yatha otithandizawo analemba imelo yaifupi kufunsa ngati tili bwino. Ndayesa kuyankha katatu, ndipo nthawi zonse ndikumafufuta. Chimene ndalemba chikuyamba motere, ndipo ndidzachimasulira m'Chingerezi tikagwirizana: "Tikuthokoza kwambiri chifukwa cha mtima wanu wabwino. Ntchito ikuyenda bwino ndipo anthu ndi okondwa, ngakhale pali timavuto tina ndi tina chifukwa cha nyengo." Mtima wanga sukuvomereza mawu amenewa, koma ndikuopanso kuti ndikanena zonse, K120,000 ija sidzabwera. Ndithandizeni kalembedwe kake.

Bambo Daka, Chipata

Amai Tembo, pepani ndi zimene zakuonekeranizi. Kunama ayi, musaname, koma kalata ili ndi kayalidwe kake. Ine ndikanayamba ndi mjigo umene watheka, n'kuika zithunzi za ana akupopa madzi ndi mawu a gogo mmodzi wonena kuti sakuyendanso mtunda wautali, kuti owerenga ayambe afewa mtima. Za dzenje louma ndikanaziika chakumapeto, ndipo ndikanazigwirizanitsa ndi chilala, chifukwa dziko lonse likudziwa kuti pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi ngozi yogwera dziko, ndipo kuno kum'mawa chinatikhudza kwambiri. Akamva zimenezo sangakuimbeni mlandu.

Bambo Jere, Chipata

Amai Tembo, ndagwira ntchito yolemba ndi kuwerenga malipoti otere kwa zaka zambiri, mbali zonse ziwiri, yopempha ndi yolandira, choncho ndiloleni ndinene motalikirapo.

Choyamba, chiganizo chanu chakuti ntchito ikuyenda bwino chichotseni. Pa mijigo itatu wagwira umodzi, ndalama zokwana K45,000 zalowa m'dzenje lopanda madzi, ndipo lipoti lachedwa ndi mwezi wathunthu ndi masiku. Munthu amene adzawerenge kalatayo nayenso ali ndi komiti yake imene idzamufunse, ndipo akakaiuza kuti ntchito ikuyenda bwino kenako n'kudzamva zoona pambuyo pake, amene wachita manyazi ndi iyeyo. Opereka thandizo amadziwa kuti mijigo ina imatuluka youma, makamaka kuno kwathu kumene pansi pali mwala wolimba ndipo madzi amakhala m'ming'alu mokha. Chimene sapirira nacho ndi kudzazindikira kuti munadziwa mu Novembala koma munakhala chete mpaka Malichi, kenako munalemba ngati palibe chachitika.

Ndikusiyana ndi a Daka pa kayalidwe. Amene akulandira imelo yanu mwina adzaiwerengera pafoni ali paulendo, ndipo adzawerenga mizere isanu yoyambirira yokha asanaganize ngati aitsegulenso madzulo. M'mizere isanu imeneyo muyenera kukhala zonse zofunika: chimene chatheka, chimene chalephereka, ndalama zimene zatsala, ndi chimene mukufuna kuti iwo asankhe. Ngakhale pamzere wa mutu wa imelo, musalembe moni chabe. Lembani dzina la ntchitoyo, mwezi, ndi mawu osonyeza kuti pali vuto lofuna yankho lawo, kuti isasochere pakati pa makalata ena.

Za chilala, a Daka, n'zoona kuti chinalipo, koma sindikuona kuti chikulowa m'nkhani iyi. Chilala chimatsitsa madzi m'zitsime zosazama ndiponso chimachepetsa madzi m'mijigo ina, koma dzenje limene latulutsa fumbi louma la mwala kuchokera pamwamba mpaka mamita 65 likusonyeza kuti malowo analibe mng'alu wa madzi. Otithandizawa akakafunsa katswiri aliyense, adzawauza zomwezi. Funso limene adzafunse ndi lakuti malowo anasankha ndani ndipo anawasankha motani. Amai Tembo, kodi munaitana akatswiri opima pansi ndi makina musanaboole?

Amai Tembo, Chipangali

Bambo Jere, mwakhudza pachilonda penipeni. Sitinapime. M'bajeti tinalibe mzere wa zopima, ndipo titafunsa mtengo anatiuza K6,000 pa mudzi umodzi, komiti inaona ngati n'kutaya ndalama. M'mudzi woyamba tinaboola pafupi ndi chitsime chakale ndipo zinatiyendera. M'mudzi wachiwiri amfumu analoza malo pakati pa mudzi, pafupi ndi mtengo wa mkuyu, anthu onse anavomereza chifukwa ndi pofikirika kwa aliyense, ndipo ifenso sitinatsutse. Kodi zimenezi nazonso ndizilembe?

Bambo Jere, Chipata

Zilembeni, amai, koma m'ziganizo ziwiri zokha, popanda kudzitukwana ndiponso popanda kuloza chala munthu. Mungathe kunena kuti: "Malo a mjigo wachiwiri tinasankha ife a komiti pamodzi ndi anthu a m'mudzi, osapima pansi, chifukwa sitinaike ndalama zopimira m'bajeti. Kumeneku kunali kulakwitsa kwathu, ndipo sitidzaboolanso pena paliponse tisanapime." Mukatero mwasiyanitsa zinthu ziwiri zimene zolemba zanu zoyamba zinasakaniza m'mawu amodzi akuti nyengo. Kuchedwa kwa mudzi wachitatu n'kwa mvula ndi dambo, ndipo palibe akanachitapo kanthu makina atafika mochedwa chotero. Dzenje louma ndi mgwirizano wolipira pa mita ndi zosankha zanu. Wowerenga akaona kuti mwatha kusiyanitsa zimenezi nokha, amakhulupirira kuti vutolo mwalimvetsa ndipo silidzabwerezeka.

Abusa Mwale, Kasenengwa

Ndikugwirizana ndi a Jere pa kunena zoona, koma ndikupempha kuti dzina kapena udindo wa amfumu zisatchulidwe m'kalatamo. Makalata amenewa amayenda. Mawa alendowo adzabwera kudzaona ntchito, wina adzamasulira zimene zinalembedwa pamaso pa anthu, ndipo amfumu akadzamva kuti komiti inawanenera kunja kuti ndiwo analoza malo olakwika, amai Tembo sadzathanso kuitanitsa msonkhano m'mudzimo. Amfumu analoza, koma komiti ndiyo inasaina. Ndiponso ndikanakonda kuti kalatayo isanapite, iwerengedwe pamsonkhano wa komiti yonse, ndipo amfumu a midzi itatuyo auzidwe zimene zalembedwamo, kuti mlembi asasenze yekha mtolo umenewu.

Achimwene Sakala, Chipata

Amai, ine ndikuona kuti m'malo movutika ndi kalata, mupite kwa khansala wanu mukapemphe kuti mijigo iwiri yotsalayo ilowe mu CDF, thumba la boma la ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu. Ndalama zimenezi zinakwera kwambiri kuyambira 2022, pamene zinafika K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo mijigo ndi imodzi mwa ntchito zimene zimavomerezedwa. Komanso ndikudziwa kampani ina yoboola imene silipiritsa ikapanda kupeza madzi. Mukafuna ndikulumikizitsani.

Amai Nkhoma, Katete

Achimwene a Sakala, CDF ndi njira yabwino, koma pempho lake limadutsa kukomiti ya chitukuko ya wadi ndipo limatenga nthawi, pamene amai Tembo ali ndi imelo imene ikudikira yankho sabata ino. Ngakhale boma litakumba mijigo khumi mawa, K180,000 ya eni ake iyenerabe kufotokozedwa.

Ndifotokozeko zimene zinationekera ife, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tinkamanga nyumba yodikirira amayi oyembekezera pachipatala china chaching'ono kuno. Mitengo ya malata itakwera, tinatenga ndalama zimene zinali za mabedi ndi matiresi n'kugulira malata, poganiza kuti zonse ndi za nyumba yomweyo. Palibe ngwee imene inabedwa, malisiti onse analipo. Koma sitinapemphe chilolezo, ndipo m'lipoti tinangolemba kuti denga latha, osatchula kumene ndalama zake zinachokera. Munthu wawo atabwera anapeza nyumba yokongola, amayi atagona pamphasa pansi, ndipo anafunsa mabedi. Gawo lotsiriza la ndalama linaimitsidwa miyezi isanu, ndipo anatiuza mosabisa kuti tikanalemba mzere umodzi wopempha, akanavomera tsiku lomwelo. Choncho funso langa kwa amai Tembo ndi ili: ndalama zimene zatsala kubanki, kodi mwazikhudza?

Amai Tembo, Chipangali

Sitinazikhudze, koma apampando athu akufuna kuti dambo likangouma tilipire kampani chikole ndi ndalama zimenezo, tiyambe mudzi wachitatu mwakachetechete, kuti podzalemba lipoti tidzakhale ndi mijigo iwiri yoonetsa m'malo mwa umodzi. Akuti uthenga woipa umamveka bwino ukapita limodzi ndi wabwino. Ndicho chifukwa china chimene kalatayi yachedwera.

Bambo Banda, Chipata

Amai, ine ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndipo maganizo a apampandowo akundidetsa nkhawa. Ndalama za mudzi wachitatu zinavomerezedwa kale, zoona, koma kudikira mpaka Meyi kapena Juni musanalembe ndiye kuti lipoti lachedwa miyezi inayi kapena isanu, ndipo mudzakhala mutasankha nokha kuti mudzi wachiwiri utsale, chinthu chimene eni ndalama ali ndi ufulu wonenapo. Tatiuzani bajeti mmene inalili ndi zimene zatuluka, tiwerengere limodzi pano.

Amai Tembo, Chipangali

Mjigo uliwonse tinauikira K88,000, ndiye kuti K55,000 yoboola ndi mapaipi a m'dzenje, K25,000 ya pampu ya India Mark II ndi kuimanga, ndi K8,000 ya khonde la simenti ndi ngalande yake. Pa mudzi uliwonse panalinso K7,000 yophunzitsira komiti ya V-WASHE, imene imayang'anira mjigo ndi ukhondo m'mudzi, ndi kuyezetsa madzi. Pamwamba pake tinasunga K15,000 ya zogwa mwadzidzidzi. Zimene zatuluka ndi K88,000 ya mjigo woyamba, K7,000 ya maphunziro ndi kuyeza madzi m'mudzi womwewo, ndi K45,000 ya dzenje louma. Kubanki kwatsala K40,000.

Bambo Banda, Chipata

Zikomo, ziwerengero zanu zikugwirizana: mwagwiritsa ntchito K140,000 pa K180,000, ndipo kwatsala K40,000. Mukaphatikiza ndi K120,000 imene sinabwere, ntchito yonse yatsala ndi K160,000. Kuti mumalize midzi iwiri mukufunika K176,000 ya mijigo, K14,000 ya maphunziro ndi kuyeza madzi, ndi K12,000 yopimira pansi, zonse pamodzi K202,000. Ndiye kuti mwaperewera K42,000, ndipo pamenepo ndalama za zogwa mwadzidzidzi zalowa kale m'kati, palibe chotsala choti mudzadzitchinjirize nacho dzenje lina likadzaumanso.

Chiwerengero chimenechi cha K42,000 chiyenera kuoneka m'kalatamo poyera, chifukwa ndicho kukula kwenikweni kwa vuto lanu. Mawu akuti timavuto tina ndi tina amachititsa wowerenga kuganizira yekha, ndipo munthu akamaganizira yekha za ndalama amaganiza zoipa kuposa zimene zilipo. Mutumizenso chikalata cha kubanki chosonyeza K40,000 imeneyo, malisiti, ndi pepala la kampani losonyeza mmene kuboola kunayendera mita ndi mita. Chenjezo limodzi: mitengo imene ndawerengerayi ndi ya chaka chatha. Musanatumize, funsani mitengo yatsopano yolembedwa kwa makampani awiri kapena atatu, chifukwa mgwirizano wakuti kampani ilipidwe pokhapokha madzi apezeka, umene a Sakala atchula, nthawi zambiri umakhala wokwera mtengo kuposa wolipira pa mita, popeza kampaniyo ndiyo imasenza chiopsezo. Ngati mitengoyo simunaipeze pofika tsiku lotumiza, nenani kuti K42,000 yawerengedwa pa mitengo yakale ndipo mutumiza yatsopano pa tsiku lakutilakuti.

Bambo Jere, Chipata

A Banda atipatsa msana wa kalatayo. Tsopano chotsala ndi kuwapatsa otithandizawo njira zoti asankhepo, chifukwa kalata yongonena mavuto imasiya mtolo wonse pamutu pawo. Ine ndikuona njira ziwiri zenizeni. Yoyamba ndi kumaliza mjigo umodzi wokha ndi ndalama zimene zilipo, umene ungadye K101,000 kuphatikizapo kupima ndi maphunziro, ndipo K59,000 yotsalayo isungidwe mpaka mutapeza zowonjezera kwina, kapena ibwezedwe ngati iwo afuna choncho. Yachiwiri ndi kumaliza yonse iwiri, ngati K42,000 ingapezeke. Munene njira imene komiti ikuikonda ndi chifukwa chake, koma muwasiyire kusankha.

Chiyambi chake chingamveke motere: "Tikukulemberani mochedwa, pakuti lipotili linayenera kukufikani pa 31 Januwale, ndipo tikupepesa. Pa mijigo itatu, umodzi watha ndipo ukugwira ntchito kuyambira Okutobala. Wachiwiri tinaboola mamita 65 osapeza madzi, ndipo tinalipira K45,000. Wachitatu sitinayambe chifukwa msewu sudutsika nthawi ya mvula. Pa K180,000 imene munatumiza tagwiritsa ntchito K140,000, ndipo K40,000 ili kubanki, sitiikhudza mpaka mutatiyankha. Kuti timalize midzi iwiri yotsala tikuperewera K42,000, ndipo m'munsimu tafotokoza njira ziwiri zimene tikupempha kuti musankhepo."

Taonani kuti kupepesa kwangotenga theka la chiganizo. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo ndime yathunthu ya kupepesa imangokankhira pansi zimene wowerenga akufuna. Zithunzi ndi mawu a gogo zimene a Daka anena zili ndi malo ake, ndipo n'zoyenera, chifukwa mjigo woyambawo ndi ntchito yeniyeni imene ndalama zawo zagwira. Zibwere pambuyo pa ndime yoyambayi, pamodzi ndi chiwerengero cha mabanja amene akutungapo, zotsatira za kuyeza madzi, ndi ndalama zimene komiti ya V-WASHE yayamba kusonkhetsa zokonzera pampu ikadzawonongeka. Ndikanaikanso chithunzi cha dzenje loumalo litatsekedwa bwino, chifukwa wina mwa iwo adzaganizira za ana amene amasewera pamenepo.

Bambo Daka, Chipata

Za chilala ndavomera, a Jere, sindinaganizire za fumbi lija. Koma chiyambi chimene mwalembachi chikuuma kwambiri kwa ine. Anthuwa ndi a mpingo, si a banki. Ena mwa iwo ndi okalamba amene anasonkha ndalamazi pang'onopang'ono. Kalata yoyamba ndi kuchedwa, dzenje louma ndi kuperewera kwa ndalama, popanda ngakhale moni ndi kuthokoza, ingawakhumudwitse kuposa vuto lenilenilo. Kwathu kuno munthu sufika pakhomo n'kuyamba kunena za maliro usanapatsidwe mpando.

Abusa Mwale, Kasenengwa

A Daka ali ndi mfundo. Moni ndi chiganizo chimodzi chothokoza sizingabise kanthu, ndipo kwa anthu a mpingo kuzisiya kungaoneke ngati mwano. Chimene chingalakwike ndi kuthokoza kodzaza tsamba lonse. Ngakhale wodzanena za maliro amalonjeredwa kaye, koma sakhala ola lathunthu akukamba za mbewu asananene chimene wabwerera.

Bambo Jere, Chipata

Ndavomera, abusa. Mzere umodzi wa moni ndi kuthokoza ukhalepo, kenako nkhani iyambe. Malire anga ndi akuti wowerenga asafike kumapeto kwa ndime yoyamba asanadziwe za dzenje louma.

Pali chinthu china chimene ndikufuna amai Tembo asamale nacho, ndicho masiku olonjeza. Munthu amene wachedwa amakonda kulonjeza zazikulu kuti akonze mbiri yake, ndipo mungayesedwe kulemba kuti zonse zidzatha mu Epulo. Musatero. Dambo limene linakaniza lole mu Disembala silingaume mvula ikangosiya, ndipo kuboola madzi a pansi akadali okwera kumanamiza, chifukwa mjigo umaoneka wamadzi ambiri mu Epulo n'kudzayamba kupereka mpweya mu Okutobala. Lonjezani zimene zili m'manja mwanu zokha: tsiku limene mudzatumize mitengo yatsopano, tsiku limene opima pansi adzabwere ngati chilolezo chaperekedwa, ndi kuti mudzalemba imelo yaifupi kumapeto kwa mwezi uliwonse ngakhale pasakhale chatsopano. Za kuboola nenani mwezi, osati tsiku, ndipo munene kuti zidalira msewu ndi kupezeka kwa makina. Muwauzenso kuti mgwirizano watsopano udzatchula kuchuluka kwa madzi kumene mjigo uyenera kutulutsa poyesedwa kuti uwerengedwe kuti watheka, ndiponso kuti kampaniyo idzakhala yovomerezedwa ndi WARMA, bungwe la boma loyang'anira za madzi. Zimenezi zikusonyeza kuti pamene munapunthwa mwapaona.

Amai Nkhoma, Katete

Ine pamene ndikukayika ndi pa K42,000. Kodi n'kwanzeru kupempha ndalama zowonjezera m'kalata yomweyo imene mukuvomera kuti K45,000 yapita pachabe? Kwa ine zikumveka ngati mwana amene waswa mbale n'kutambasula dzanja kuti apatsidwe ina nthawi yomweyo. Ndikanangonena kuperewerako, n'kufotokoza zimene midzi ichite payokha, kenako n'kudikira kuti iwo anene okha ngati angawonjezere.

Bambo Banda, Chipata

Amai Nkhoma, ine ndikuona mosiyana. Magulu amenewa amakhala ndi misonkhano yawo ya ndalama pa nthawi zoikika, ndipo ngati pempho silinalembedwe momveka, palibe chimene munthu wawo angapite nacho kumsonkhanoko. Angathe kuganiza kuti mwapeza kale kwina. Kufunsa kamodzi mwaulemu, n'kunena kuti mudzamvetsa akakana, sikulakwa. Koma ndikuvomereza kuti pempholo limalemera bwino midzi ikaonetsa mbali yake. Mchenga, miyala ndi njerwa za makonde awiri anthu angathe kupereka okha, ndipo zimenezo zichotsedwe pa K42,000 ndi mtengo wake weniweni, osati wongoganizira. Ngati mwapita kwa khansala za CDF, zilembedwe monga pempho limene laperekedwa, osati ngati ndalama zimene zikubwera.

Bambo Jere, Chipata

Pamenepa sindingagamule, chifukwa zimadalira anthu ake ndi zimene zinalembedwa m'mgwirizano wanu ndi iwo. Ndinaonapo ena akuwonjezera asanapemphedwe, ndinaonaponso ena amene malamulo awo salola kuwonjezera ngakhale atafuna. Amai Tembo, werenganinso kalata imene anakutumizirani povomera thandizoli, muone ngati ikunenapo za kusintha bajeti. Chimene sichingasiyidwe, kaya mupemphe zowonjezera kaya ayi, ndi kupempha chilolezo cholembedwa cha zinthu ziwiri: kugwiritsa ntchito K15,000 ya zogwa mwadzidzidzi, ndi kutsegula mzere watsopano wa zopima pansi umene munalibe m'bajeti yoyamba. Akayankha pafoni, muwapemphe kuti atsimikize pa imelo, ndipo yankholo mulisindikize n'kuliika m'faelo ya komiti.

Achimwene Sakala, Chipata

Pepani, poyamba sindinamvetse kuti nkhani yagona pa lipoti. Ndingofunsa chimodzi: mukasankha kumaliza mjigo umodzi wokha, udzakhala wa mudzi wachiwiri kapena wachitatu? Ndikufunsa chifukwa otithandizawo adzafunsanso zomwezo, ndipo midzi iwiriyo ikadzamva kuti komiti inasankha kale m'kalata iwo osadziwa, padzakhala mkangano.

Amai Tembo, Chipangali

Achimwene, funso lanulo ndilo lovuta kuposa onse, ndipo komiti sinalikambirane. Mudzi wachiwiri uli ndi anthu ambiri ndipo ndiwo unaona makina akubwera n'kuchoka, koma mudzi wachitatu ndiwo uli kutali kwambiri ndi madzi, ndipo anthu ake adzati mnzathu mwayi wake anaugwiritsa kale ntchito. Ndikuganiza zolemba kuti tipime midzi yonse iwiri kaye ndi K12,000 ya ndalama zimene zili kubanki, akatilola, ndipo kusankha kudzachitike zotsatira zitabwera, pamsonkhano wa midzi yonse pamaso pa mafumu. Ndikudziwa kuti zikatero zotsala pa njira yoyamba zidzakhala K53,000, osati K59,000, ndipo ndikonza chiwerengerocho.

Ndalankhula ndi apampando pafoni madzulo ano. Sanakondwe kuti tilembe za kusapima pansi, akuti tikudzivula tokha pagulu, koma avomera kuti K40,000 isakhudzidwe ndiponso kuti komiti ikumane Loweruka. Usiku uno ndiyankha imelo yawo ija ndi mizere itatu yokha, kunena kuti tili moyo, kuti mjigo wachiwiri unatuluka wouma ndipo wachitatu sunayambike, ndi kuti lipoti lathunthu ndi malisiti zidzawafika Lachiwiri. Za kupempha K42,000 ndikazisiya m'manja mwa komiti Loweruka, chifukwa inenso mtima wanga uli pawiri. Bambo Banda, ngati mungalole, ndikutumizirani tsamba la ziwerengero Lolemba m'mawa kuti muliyang'ane lisanapite.

Bambo Banda, Chipata

Tumizani, amai, pamodzi ndi chithunzi cha chikalata cha kubanki. Muonetsetse kuti ndalama zimene banki yadula mwezi ndi mwezi nazonso mwazilemba pamzere wawo, chifukwa ndikukayika kuti pachikalatapo papezeka K40,000 yathunthu, ndipo kusiyana kwa makwacha ochepa kosafotokozedwa kumadzutsa mafunso ambiri.